Kusankha magalasi a dzuwa a mwana: kuda kwa galasi si ndiye chitetezo

Chaka chatha mu Okutobala, achemwali anga akukonzekera ulendo wa kunyanja ku Senga Bay, anandiyalira magalasi atatu patebulo n'kundifunsa kuti, "Achimwene, mwa awa, mwanayu avale ati?" Mwanayo ndi wa zaka 7. Oyamba anali akuda bii, felemu yapinki yooneka ngati nyenyezi, ogulidwa pamsika. Achiwiri anali a bambo ake, a munthu wamkulu, abwino ndithu. Achitatu anali ofiirira, osada ngati oyambawo, okhota motsata nkhope, omwe anawapeza pa kaunjika ndipo mwanayo sankawafuna n'komwe. Mayi ake anali atasankha kale mumtima akudawo, poganiza kuti akuda kwambiri ndiwo otchinga kwambiri. Anapita kunyanja ndi achitatuwo, ndipo njira imene tinatsata posankha ndi yomwe ndikufotokoza pano.

Pali mafunso atatu osiyana amene anthu amawaphatikiza kukhala limodzi. Kodi galasilo limatchinga cheza choopsa cha dzuwa? Kodi limachepetsa kuwala mochuluka bwanji? Kodi likukhala bwanji pankhope ya mwanayo? Yankho la funso limodzi silikuuzani kanthu za linzake.

Yambani ndi cheza chimene diso siliona

Mu kuwala kwa dzuwa muli mbali imene timaiona, komanso muli cheza chosaoneka chotchedwa UV. Chofika pansi pano chili mitundu iwiri: UVB, wa mananomita 280 mpaka 315, ndi UVA, wa mananomita 315 mpaka 400. Nanomita ndi muyeso wa kutalika kwa funde la kuwala, ndipo simufunika kuidziwa bwino. Chongogwira ndi nambala ya 400, chifukwa cha pamenepo ndi pamene cheza chosaoneka chimathera ndipo kuwala kooneka kumayambira. Galasi lolembedwa UV400 likulonjeza kuti cheza chonse chofika pa 400 silichilola kudutsa.

Chimene chimatchinga chezachi si utoto wa galasi ayi. Ndi pulasitiki yeniyeniyo imene apangira galasilo, kapena mankhwala osaoneka amene amasakanizamo. N'chifukwa chake galasi loyera mbee likhoza kutchinga UV yense, pamene lakuda bii likhoza kumulola kudutsa. Ndipo lakuda lopanda chitetezolo ndi loipa kuposa kusavala chilichonse. Mwana akakhala padzuwa opanda magalasi, kamwana ka diso kamachepa, iye amatsinzinira pang'ono, amawerama, amathawira pamthunzi. Mukamuveka galasi lakuda, diso limaona ngati kwada: kamwana ka diso kamakula, zikope zimatseguka, mwanayo amasewera padzuwa mosavutika. Khomo latseguka, ndipo cheza chikulowa momwemo.

Kwa ana nkhaniyi imakula pa zifukwa ziwiri. M'kati mwa diso muli kagalasi kachilengedwe, kamene kamachita ng'ala munthu akakalamba. Kwa mwana kagalasika kamakhala koyera kwambiri, motero kamalola UVA wochulukirapo kufika kumbuyo kwa diso kuposa ka munthu wamkulu, kamene kayamba kale kuchita chikasu. Chachiwiri n'chakuti ana ndi amene amakhalitsa panja. Zimene UV amachita m'maso zimaunjikana pang'onopang'ono kwa zaka: mitundu ina ya ng'ala, kamnofu kamene kamamera pa mbali yoyera ya diso kuchokera cha kumphuno kulowera pakati, ngakhalenso khansa ya pa zikope ndi ya pamwamba pa diso.

Ndiye choyamba tembenuzani magalasiwo n'kuwerenga m'kati mwa timiyendo topita kumakutu. Fufuzani UV400, kapena mawu onena kuti amatchinga UVA ndi UVB yense. Fufuzaninso nambala ya muyezo umene opanga anatsata: ISO 12312-1 ndi wa dziko lonse ndipo umayenda ndi chizindikiro cha CE pa katundu wa ku Ulaya, AS/NZS 1067 ndi wa ku Australia ndi New Zealand, ANSI Z80.3 ndi wa ku America. Zolembedwa pa kamwendo penipeni ndimazikhulupirira kuposa kapepala komatidwa pa galasi, poti timapepala timeneti aliyense akhoza kusindikiza ndi kumata. Ngakhale CE weniweni amaikidwa ndi wopanga yekha, kulengeza kuti watsatira malamulo, ndipo pa katundu wa pamsewu zilembo ziwirizo zimadindidwa pa chilichonse. Magalasi a nyenyezi aja analibe chilembo ngakhale chimodzi. Amenewo ndi choseweretsa, ndipo tinawaika pambali.

Zolembedwa zikakukayikitsani, pali njira ziwiri zoyesera. Yodalirika ndi kupita nawo kwa opima maso kapena m'sitolo yodula magalasi a maso. Ena amakhala ndi kamakina koyezera UV, ndipo kuyezako kumatenga mphindi imodzi. Imbani kaye foni kufunsa ngati ali nako. Njira ya kunyumba imafuna katochi ka UV, kaja koyesera ndalama zachinyengo. M'chipinda chamdima unikani ndalama yapepala kufikira muone tizizindikiro tobisika tikuwala, kenako ikani galasilo pakati pa tochi ndi ndalama. Tizizindikiro tikapitiriza kuwala, galasilo likudutsitsa UV, litayeni. Tikazimiririka ndi chizindikiro chabwino, koma si umboni wonse, chifukwa katochiko kamatulutsa mtundu umodzi wokha wa cheza. Njirayi imagwira galasi loipa. Siitsimikizira kotheratu labwino.

Pamene mudakali ndi galasilo m'manja, funsani kapena werengani chimene alipangira. Kwa mwana funani polikaboneti, amene nthawi zina amangolembedwa PC. Pulasitiki imeneyi imatchinga pafupifupi UV yense mwa chibadwa chake, ndi yopepuka, ndipo siisweka wamba ikagundidwa ndi mpira kapena mwana akagwa chafufumimba. Galasi lenileni, lolira ngwe mukaligogoda ndi ndalama yachitsulo, musamuveke mwana. Likasweka limaswekera kudiso.

Gulu la galasi: nambala kuyambira 0 mpaka 4

UV mukathana naye, mubwere ku kuda kwa galasi. Muyezo wa ISO 12312-1 umagawa magalasi m'magulu asanu potengera kuchuluka kwa kuwala kooneka kumene amalola kudutsa. Nambalayo imalembedwa pa kamwendo kapena pa kapepala, kawirikawiri motere: Cat. 2, Cat. 3, ndipo nthawi zina C3 kapena 3N, 3P.

Gulu 0 limadutsitsa kuwala koposa magawo 80 pa 100, ndiye kuti ndi loyera kapena lopakidwa utoto pang'ono chabe. Gulu 1 limadutsitsa magawo 43 mpaka 80, labwino tsiku la mitambo kapena longotchenera. Gulu 2 limadutsitsa 18 mpaka 43. Gulu 3 limadutsitsa 8 mpaka 18. Gulu 4 limadutsitsa 3 mpaka 8 okha, ndipo linapangidwira okwera mapiri a chipale ndi oyenda m'chipululu.

Kwa mwana wa kwathu kuno, kunyanja, pabwalo la mpira, kumunda kapena paulendo wa masana, gulu 3 ndilo loyenera. Likudula pafupifupi magawo asanu ndi anayi mwa khumi a kuwala, koma mwanayo amaonabe mwala umene uli m'njira. Gulu 2 ndi lokwanira kwa mwana amene amasewera malo a mitengo yambiri, kulowa ndi kutuluka mumthunzi, kapena amene amakana magalasi ponena kuti akumudetsera. Ndi bwino avale gulu 2 tsiku lonse kusiyana ndi gulu 3 lokhala m'thumba, bola UV400 alipo.

Gulu 4 musagule, ngakhale likumveka ngati lapamwamba chifukwa nambala ndi yaikulu. Mwana wovala gulu 4 akatuluka padzuwa n'kulowa pansi pa mtengo wa mango kapena pakhonde, kwa kamphindi saona bwino dzenje, sitepe kapena njinga ikubwera. Ndi chifukwa chomwecho malamulo a muyezowu amanena kuti gulu 4 si loyendetsera galimoto kapena kuyenda nalo pamsewu. Mwana wopalasa njinga kupita kusukulu alinso pamsewu.

Kumbukirani kuti nambala imeneyi ikunena za kuthobwa m'maso basi. Gulu 3 lopanda chitetezo cha UV ndi lija ndanena kuti ndi loipa kuposa kusavala.

Kunenako za kadamsana: palibe gulu lililonse mwa asanuwa limene limalola munthu kuyang'ana dzuwa mwachindunji, ngakhale mutasanjikiza magalasi awiri kapena atatu. Magalasi oyang'anira dzuwa ndi ena, a muyezo wa ISO 12312-2, akuda kwambiri mwakuti m'nyumba simuona nawo kanthu. Ana amakonda kuyesa, akangovala magalasi atsopano n'kugadamira kumwamba. Auzeni tsiku loyamba lomwelo kuti zimenezo ayi.

Mtundu wa utoto

Apa sipofunika kuchedwapo. Wotuwa ngati phulusa umachepetsa kuwala mofanana ndipo zinthu zimaoneka ndi mitundu yake yeniyeni. Wofiirira ngati khofi umachepetsa kuwala kwa buluu, motero m'mphepete mwa zinthu mumaoneka bwino: mpira pa udzu, njira ya fumbi, mafunde. Wobiriwira moderako uli pakati pa awiriwa. Itatu yonseyi ndi yabwino, ndipo mwana angasankhe yekha.

Achikasu amaoneka ngati akuwalitsa dziko, koma ambiri ndi a gulu 0 kapena 1, sachepetsa kuthobwa kwa masana. Apinki, abuluu ndi ofiira kwambiri amasokoneza mitundu, ndipo mwana wa m'tauni amafunika kusiyanitsa bwino chofiira ndi chobiriwira pa maloboti. Aja okhala ngati kalilole kunja amabweza kuwala pang'ono koma sanena kanthu za UV, ndiponso chopakidwacho chimakalika msanga m'manja mwa mwana. Aja akuda kumwamba n'kumayera chakumunsi ndi abwino kwa oyendetsa galimoto owerenga nambala za liwiro, koma kunyanja kuwala kwambiri kumachokera pansi, pa madzi ndi mchenga, pomwe galasilo layera.

Palinso magalasi a polaraizidi, amene pa kamwendo nthawi zambiri amaikidwa chilembo P. Amenewa amadula kung'anima kwa pamwamba pa madzi, pa tala wonyowa, pa malata. Kunyanja amapumitsa maso kwambiri, ndipo mwana amaona pansi pa madzi osaya. Kuwayesa n'kosavuta: yatsani foni, yang'anani kudzera m'galasilo uku mukulizunguliza pang'onopang'ono, ndipo pena pake foniyo idzada kapena kusintha mtundu. Koma polaraizidi si chitetezo cha UV. Ndi chowonjezera, ndipo ndalama zikakhala zochepa mukhoza kukhala opanda.

Musanachoke kwa wogulitsa yesaninso ngati galasilo silikupotoza zinthu. Ligwireni patali ndi dzanja lotambasula, tsinzinani diso limodzi, yang'anani mzere wowongoka monga mphepete mwa chitseko, ndipo yendetsani galasilo uku ndi uku, m'mwamba ndi pansi. Mzerewo ukamagwedera ngati njoka, galasilo linaumbidwa mosasamala. Mwana sadzakuuzani kuti likupotoza. Adzangodandaula mutu kapena kulivula.

Mmene akukhalira pankhope

Apa ndi pamene magalasi ambiri abwino amalepherera, ndipo ndi pamene ndimachedwapo. Magalasi a bambo a mwana uja anali ndi zonse: UV400, Cat. 3, utoto wotuwa. Atawavala anatsetserekera kunsonga ya mphuno, ndipo mwanayo ankatiyang'ana pamwamba pa felemu ngati agogo akuwerenga nyimbo kutchalitchi. Pakati pa nsidze ndi galasi panali mpata wolowa zala ziwiri. Dzuwa la m'mwamba likanalowa momwemo mosavuta, chonsecho kamwana ka diso katakula chifukwa choyang'ana mu mdima wa galasi.

Cheza sichibwera kutsogolo kokha. Chimalowa pamwamba, m'mbali ndi pansi, ndipo china chimagunda kumbuyo kwa galasi n'kubwerera m'diso. Cha m'mbali ndi chovuta mwapadera. Kuwala kochokera cha kukhutu kukagunda mbali yoonekera ya kutsogolo kwa diso, kumapindika n'kukaunjikana mbali ya kumphuno, ndipo akatswiri a maso amati n'chifukwa chake kamnofu kaja kamakonda kumera mbali imeneyo. Galasi lophwatalala, laling'ono, la timiyendo towonda ngati waya, silitchinga njira imeneyi ngakhale litakhala UV400 weniweni. Funani felemu yokhota yokumbatira nkhope, kapena ya timiyendo tatambalala totseka m'mbali.

Mutengeni mwanayo pokagula. Zikakanika, yezani nkhope yake ndi lula kuchokera pafupi ndi khutu lina kutsogolo kwake, mopingasa pa maso, kufika mbali inayo, ndipo felemu yonse m'lifupi ikhale pafupifupi chimodzimodzi. M'kati mwa kamwendo mumakhalanso nambala zitatu, mwachitsanzo 46□16-125. Zonse ndi mamilimita: yoyamba ndi m'lifupi mwa galasi limodzi, yachiwiri ndi mpata wa pamphuno, yachitatu ndi kutalika kwa kamwendo. Magalasi a bambo aja anali 58□18-140, pamene ofiirira aja anali 46□16-125, ndipo kwa mwana wa zaka 7 nambala zapafupi ndi zimenezi ndi zomwe zimakonda kukwana. Nkhope zimasiyana, choncho nambala ndi poyambira chabe.

Akavala, imani kutsogolo kwake muone ngati diso lili cha pakati pa galasi, ndipo m'mwamba mwa felemu mukufika pansi pa nsidze kapena kuziphimba pang'ono. Kenako imani kumbali kwake. Ngati mukuona diso lake lonse kudzera pa mpata wa pakati pa felemu ndi nkhope, dzuwa nalonso likuliona. Suzumiraninso kuchokera pamwamba pa mutu: mpata wa pamphumi usalowe chala chanu chachikulu. Komabe galasi lisayandikire mpaka tsitsi la m'zikope kumakhudza akamaphethira, chifukwa limadetsedwa ndi mafuta ndipo mwanayo amanyansidwa nalo.

Tsopano muuzeni amwetulire kwambiri. Felemu ikakwera ndi masaya, ndiye kuti yakhalira pa masaya m'malo mwa pamphuno, ndipo padzuwa idzachita nthunzi ndi thukuta. Ili ndi vuto lofala, chifukwa ana aang'ono msana wa mphuno umakhala usanakwere, ndipo ana ambiri a kwathu mphuno yake ndi yotambalala ndi yotsika pamwambapo, pamene mafelemu ambiri anaumbidwira mphuno zazitali. Yang'anani felemu imene pamphuno pake pali pofewa, potambalala ndi potsikirako, pogwira mphuno mbali zonse ziwiri. Timapazi tachitsulo tija topindika tikhoza kusinthidwa kuti tikwane, koma mwana akagwa kapena kugundidwa timabaya, kotero kwa wamng'ono ndimakonda felemu ya pulasitiki yofewa yopindika osathyoka.

Pomaliza awerame ngati akutola kanthu, apukuse mutu, adumphe katatu. Magalasi asatsike. Akhale nawo mphindi khumi, muwavule n'kuyang'ana pamphuno ndi kuseri kwa makutu. Mukaona timizere tolowa m'khungu, akumuthina, ndipo mawa sadzawavala. Kwa ana osapitirira zaka zitatu kapena zinayi, timiyendo sitithandiza kwenikweni, ndipo lamba wofewa wozungulira mutu ndiye amagwira. Akhale lamba wokhala kumutu, osati chingwe cholendewera m'khosi, chimene chingakole pa nthambi kapena pa katungwe. Musagule aakulu poti adzakuliramo, monga timachitira ndi yunifolomu. Malaya aakulu amavalikabe, koma magalasi aakulu amasiya mipata.

Ofiirira aja anakhoza zonsezi. Analembedwa UV400, Cat. 3 ndi PC, anazimitsa tizizindikiro ta pa ndalama, sanagwedeze mzere wa chitseko, ndipo anakhala pamphuno mwanayo atadumpha. Chinatsala ndi kumunyengerera. Mayi ake anamangirira kalamba kapinki ku timiyendo, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Avale liti, ndipo ndi chiyani china

Bungwe la zaumoyo padziko lonse limalangiza kudziteteza pamene muyeso wa UV wafika 3, ndipo kuyambira 11 amati ndi woopsa kwambiri. Nambalayi imapezeka pa mafoni ambiri pamalo oonetsa nyengo. Kuno tili pafupi ndi pakati pa dziko, ndipo masana kuyambira Okutobala mpaka Malichi kufika 11 kapena kuposa si zachilendo. Ngakhale mu Juni, kukuzizira, masana umapitirirabe 3. Kutentha ndi UV ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ku Dedza kapena pa Nyika kumazizira kuposa ku Nsanje, koma UV amakwera pafupifupi magawo 10 pa 100 pa mamita 1,000 aliwonse amene mwakwera, ndipo Lilongwe yeniyeniyo ili pamtunda wopitirira pang'ono mamita 1,000. Mitambo yopyapyala nayonso imadutsitsa cheza chambiri.

Khungu limapsa kwambiri dzuwa lili paliwombo, koma diso nkhani yake ndi ina pang'ono. Masana enieni mphumi ndi nsidze zimaliphimba. Cha m'ma 9 koloko m'mawa ndi cha m'ma 3 koloko masana dzuwa limakhala chopendekera n'kumalunjika kumaso, ndipo iyi ndi nthawi imene ana amakhala pabwalo kapena panjira yochokera kusukulu. Pa madzi ndi pa mchenga woyera pamawonjezera cheza chobwerera kuchokera pansi.

Chipewa cha khonde lozungulira chimachotsa pafupifupi theka la UV wofika m'maso, ndipo chimatseka mpata wa pamwamba umene felemu iliyonse imasiya. Kapu imaphimba kutsogolo kokha. Ngati ndalama sizikukwanira magalasi odalirika, gulani chipewa n'kuwasiya magalasi okayikitsawo. Khanda losakwana miyezi 6 malo ake ndi pamthunzi, pansi pa ambulera, osati padzuwa litavala magalasi.

Musatengerepo mwayi womutsekera mwana m'nyumba. Kusewera panja maola angapo patsiku kumachepetsa vuto losaona patali limene likukula pakati pa ana okhalitsa pa mabuku ndi mafoni, ndipo ngakhale atavala chipewa ndi magalasi, kuwala kwa panja kumaposabe kwa m'chipinda. Kumbali ina, magalasi a dzuwa si ovala m'nyumba kapena madzulo. Mwana wabwinobwino akayamba kukana kuwavula m'nyumba, akamalira ndi kuwala, kutikita maso, kutuluka misozi, kapena mbali yoyera ya maso ikamachita bii ngati dothi, pitani naye kuchipatala cha maso. Kuyabwa kwa maso koyambitsidwa ndi fumbi ndi mungu n'kofala nyengo yotentha, ndipo kumafuna mankhwala. Magalasi amangochepetsa ululu.

Ana awiri amene malamulowa amasinthako

Woyamba ndi mwana wovala kale magalasi a maso. Musamuvule kuti avale a dzuwa wamba, chifukwa mwamuchotsera kuona. Funsani opima maso ngati magalasi ake ndi polikaboneti kapena ali ndi chotchinga UV. Akakhala otero, chitetezo ali nacho kale kutsogolo ngakhale ndi oyera, ndipo chotsala ndi kuthobwa ndi mipata ya m'mbali. Mungamudulitsire ena a mphamvu yomweyo okhala ndi utoto wa gulu 3, kapena kugula timagalasi topanikiza pamwamba pa akewo. Palinso aja osintha okha, oyera m'nyumba n'kuda padzuwa. Ndi osavuta kwa mwana wa sukulu poti sanyamula awiri, koma dziwani malire ake: amachedwa kuyera akalowa m'kalasi, sada kwenikweni m'galimoto chifukwa galasi la kutsogolo la galimoto limatchinga UV amene amawadetsa, ndipo kukatentha kwambiri sada kufika pamene amafika kukamazizira. Mu Okutobala ku Chikwawa mungaone ngati anakunamizani.

Wachiwiri ndi mwana wachialubino. Kwa iye magalasi a dzuwa si a tsiku la kunyanja lokha, ndi a tsiku lililonse. Maso ake ali ndi utoto wochepa wachilengedwe umene umatsekereza kuwala, kotero kuwala kumalowa ngakhale kudzera m'mbali yozungulira kamwana ka diso n'kumwazikana m'kati. N'chifukwa chake amatsinzinira ndi kuweramitsa mutu padzuwa. Panja amafunika gulu 3 la felemu yotseka bwino m'mbali, pamodzi ndi chipewa cha khonde lalikulu, poti khungu la zikope ndi lozungulira maso limapsa msanga. Koma ambiri mwa anawa saonanso bwino patali, ndipo galasi lakuda m'kalasi limawachotsera kuona kochepa kumene ali nako pa bolodi. M'kalasi amathandizidwa ndi magalasi a mphamvu yowayenera okhala ndi utoto wopepuka, gulu 1 kapena 2, ndi kukhala kutsogolo motalikira zenera lowala. Kuda koyenera kumasiyana mwana ndi mwana, ndipo kumapezeka poyesa kwa opima maso, monga ku chipatala cha maso cha Lions pa Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Nkhoma. Aphunzitsi auzidwe ndi makolo kuti chipewa ndi magalasi a mwanayu si matama, kuti asamuvule pa mzere wa m'mawa.

Kuwasunga

Kunyanja ndi kufumbi, tsukani magalasi ndi madzi musanawapukute, chifukwa mchenga wotsalira ndi umene umakala mukapukuta ndi malaya. Kadontho ka sopo wotsukira mbale ndi kansalu kofewa n'zokwanira. Musawasiye kutsogolo kwa galimoto yoima padzuwa, felemu imapindika ndipo zopakidwa pa galasi zimang'aluka. Pa polikaboneti kukalika pang'ono sikuchotsa chitetezo cha UV poti chili m'kati mwa pulasitiki momwemo, koma galasi lokalika kwambiri limamwaza kuwala n'kumuthobwa mwana kuposa kale. Miyezi ingapo iliyonse bwerezani mayeso aja a kumwetulira, kuwerama ndi kusuzumira kumbali. Timiyendo tikayamba kutanuka chakunja kapena kusiya mizere pafupi ndi makutu, mutu wakula, ndipo magalasiwo apite kwa mng'ono wake.